Mnzanu wakwanitsa mwezi osamwa mowa: mmene mungasangalalire naye tsikuli

Mnzanga wina amene tinakulira limodzi ku Ndirande anasiya mowa pa 28, atadzuka mmawa n'kupeza kuti theka la salale lapita usiku umodzi wokha, foni kulibe, mmene anafikira kunyumba sakukumbuka. Ndiye mwezi wake woyamba unadzakwana pa 28 mwezi winawo, ndalama zitangolowa kumene mu akaunti, komanso linali Loweruka. Mwaona vuto lake eti? Tsiku limene timafuna kumusangalalira linali tsiku lomwelo limene kwa zaka zambiri thupi lake linazolowera kuti lero ndiye lero. Anthu ambiri amasiya mowa chonchi, pambuyo pa ngozi ya kumapeto a mwezi, ndiye mwezi wawo umakwaniranso kumapeto a mwezi m'thumba muli kanthu. Nchifukwa chake chikondwererochi chimafuna pulani, si chongodzukira. Ndilemba mmene ife tinachitira komanso chifukwa chake pa sitepe iliyonse, inu muchotsapo zimene zikugwirizana ndi mnzanuyo.

Yambani ndi kumufunsa mwiniwake

Safunsa anadya phula. Musakonze zomudzidzimutsa, zija zoti akulowa mnyumba anthu ali mbwee kuombera mmanja, ayi ndithu. Munthu amene wangosiya mowa amakhala akulimbana ndi manyazi ambiri, akukumbukira zimene analankhula ataledzera, ngongole za ku shabini, ana amene anamuona atagona pakhonde, ndiye mukamuika pakati pa gulu mosayembekezera iye amamva ngati mwamuyalutsa ngakhale inu mumafuna zabwino.

Ine ndinamutumizira meseji kutatsala masiku asanu, ndinangoti: aise, ndikuwerenga nawe masikuwa, Loweruka ukukwanitsa mwezi, ndikufuna tichite kenakake ine ndi iwe koma unene ndiwe, ukafuna tingokhala phee palibenso vuto. Anatenga tsiku lathunthu asanayankhe. Musatekeseke akachedwa chonchi, ndipo musatumizenso meseji ina yofunsa ngati waiona.

Akayankha mufunseni zinthu zitatu, osati zonse pakamodzi ngati ali kupolisi, mongocheza. Akufuna ndani adziwe, ndi malo ati amene sakufuna kudutsako, ndipo ndi nthawi iti ya tsiku imene chibaba chimamuvuta kwambiri. Funso lachitatuli anthu saliganizira koma ndi limene limakupatsani pulani yonse. Mnzangayu anati kuyambira cha mma 4 koloko madzulo mpaka mma 8, nthawi yoweruka ija imene mapazi ankangopita okha ku bala. Ndiye ndinadziwa kuti ulendo uyambe mmawa koma chofunika kwenikweni nchoti mma 4 mpaka mma 8 asakhale yekha.

Ndipo akati sindikufuna chilichonse, mverani. Ena amaopa kuti akasangalala msanga alodza, ena sakufuna kuwerenga masiku chifukwa nambala imawapanikiza. Pamenepo mungoti chabwino aise, ndakunyadira, basi, kenako mumuyimbire Lowerukalo madzulo kucheza za mpira.

Dziwani kuti mwezi umodzi thupi limakhala lili pati

Izi zikuthandizani kuti musadabwe naye. Masiku oopsa kwambiri ku thupi amakhala oyambirira. Munthu amene amamwa kwambiri tsiku lililonse akasiya, pakangopita maola 6 mpaka 24 amayamba kunjenjemera, thukuta, mseru, mtima kuthamanga, ndipo tsiku lachiwiri ndi lachitatu ndi pamene zimafika poipa. Pofika mwezi zimenezo zinadutsa, nkhope yayamba kuwala, maso ayera, chakudya chikulowa, chiwindi chayamba kupuma. Anthu akunja akamuona amati wachira. Koma mkati simunathe. Tulo timakhala tisanakhazikike, ena amadzuka 2 koloko usiku osagonanso, ena amalota akumwa n'kudzuka ndi mantha ngati amwadi. Mtima umasinthasintha, mmawa akuseka masana wakwiya ndi kanthu kakang'ono. Ndipo ambiri amalakalaka zotsekemera modabwitsa, mnzangayu amene kale tiyi ankamwa wopanda shuga anayamba kutha paketi ya mabisiketi yekha.

Chinanso, zinthu zimene kale zinkamusangalatsa zimamveka zozizira kaye, chifukwa ubongo unazolowera kuti chisangalalo chimabwera ndi botolo ndipo umatenga nthawi kuti uzolowere zina. Ndiye mukapita naye kokongola iye n'kumangoyang'ana osaonetsa kusangalala kwambiri, musamufunse kuti bwanji sukusangalala, musamve ngati ndalama zanu zapita pachabe. Kukhalapo kwakeko ndi zokwanira.

Koma choopsa kwambiri pa mwezi ndi kaganizo kaja kakuti ndatha mwezi wonse, ndiye kuti ndilibe vuto, limodzi lokha silingandipweteke. Kaganizo kameneka kamabwera bwino kwambiri pa tsiku lachikondwerero, chifukwa kwathu kuno kusangalala ndi mowa zinamangidwa pamodzi, ukwati, chinkhoswe, timu yawina, mwana wakhoza mayeso, paliponse pamakhala kireti. Ntchito yanu patsikuli ndi kumuonetsa tsiku limodzi labwino limene lilibe botolo kuyambira mmawa mpaka kukagona.

Sankhani malo ndi njira yake yomwe

Ife tinapita ku phiri la Zomba. Tinanyamuka ku Limbe pa minibasi 7 koloko mmawa, pofika mtauni ya Zomba tinapeza galimoto yotikweza kumtunda, tinayenda wapansi mbali ya damu la Mulunguzi mpaka ku mathithi a Williams, tinagula mabulosi ndi masitiroberi kwa anyamata ogulitsa mumsewu, n'kudya zimene tinanyamula titakhala pamwala. Sikuti Zomba ili ndi mankhwala ayi. Ndinasankhako chifukwa iye anali asanamwereko kumeneko, kulibe kona imene ikanamukumbutsa kanthu, komanso kuyenda kumatopetsa thupi mwabwino ndipo anthu awiri akamayenda moyandikana nkhani zovuta zimatuluka mosavuta kusiyana ndi kukhala moyang'anizana patebulo.

Inu ngati muli ku Lilongwe pali Lilongwe Wildlife Centre kumene mungayende mmitengo mmawa wonse, ku Blantyre komweko pali phiri la Michiru, ku Mulanje kuli Likhubula. Ngati ndalama palibe musadandaule, kuphika nkhuku yachikuda pakhomo panu n'kutchera bawo pansi pa mtengo wa mango ndi chikondwerero chokwanira. Muyeso wake ndi umodzi, malowo asakhale amene iye ankamwerako ndipo mowa usakhale chimene anthu abwerera pamalopo.

Apa pali misampha ingapo imene imaoneka ngati yabwinobwino. Kunyanja pa wikendi ya malipiro, kaya ku Senga Bay kaya ku Mangochi, masana kumadzaza magulu a makulabokosi ndi nyimbo, fungo la mowa lili ponseponse. Mpira wa Bullets ndi Manoma ku sitediyamu kapena kuonera wa kunja pa sikirini ya ku bala, ngati kale ankaonera ali ndi botolo mmanja, usiyeni kaye mwezi uno, muonere kunyumba. Kanyenya ndi mang'ina wabwino nthawi zambiri amapezeka pakhomo pa bala, ndiye ngati ndi zimene akulakalaka pitani nokha mukagule mubweretse, osati kuti tingoima pang'ono tidye tizipita, pamenepo pamakhala anzake akale ndipo wina sachedwa kukuwa kuti mpatseni imodzi mkuluyu wasowa.

Njira nayonso muiganizire, izi ine ndinaziphunzira kwa iye. Pobwerera tikatsika minibasi njira yachidule yopita kwawo imadutsa pa shabini yake yeniyeni, mayi ogulitsa amamudziwa ndi dzina. Tinagwirizana kuti titsikire siteji ina n'kukwera kabaza kuzungulira, zinatidyera ndalama pang'ono koma sanafunike kulimbana ndi moni wa pamenepo atatopa.

Anthu obwera akhale ochepa ndipo muwauziretu

Awiri, atatu, mukachulukitsa anayi. Ife tinali atatu, ine, iye ndi msuweni wake amene samwa. Amene akubwera asankhe ndi iyeyo, ndipo inu mulankhule nawo mmodzimmodzi tsikulo lisanafike. Auzeni mosapita mmbali kuti palibe kumwa tsiku lonse, ngakhale kamodzi asananyamuke kunyumba chifukwa fungo limamveka, palibe kabotolo mthumba, palibe nkhani za uchidakwa wake wakale ngakhale zoseketsa. Zoseketsazo ndiye zoopsa, zija zoti ukukumbuka tsiku lija unagona mngalande, anthu amaseka iyenso amaseka nawo koma mkati zimamupweteka, kapenanso zimamukumbutsa kuti masiku amenewo analinso ndi kukoma kwake.

Ngati inuyo mumamwa musabise, iye akudziwa kale. Simukufunika kulonjeza kuti nanunso mwasiya pamene simunasiye. Mungokhala osamwa tsiku limenelo, ndipo musamalengeze kuti taona lero sindikumwa chifukwa cha iwe, zimenezo zimamusenzetsa ngongole.

Za akazi ake kapena amuna ake, makolo, abusa, musawaitane mwa inu nokha. Kunyumba kumakhala mabala amene mwezi umodzi sungapoletse, mlamu wanu mwina anamva malonjezo otere kasanu ndipo sanakonzeke kuomba mmanja, ali ndi zifukwa zake zomveka. Musamukakamize kusangalala ndipo musalole kuti tsikuli lisanduke bwalo la milandu. Mnzangayu anasankha kuti alamu asabwere ku Zomba koma madzulo tikadye nsima kunyumba kwawo, zinayenda bwino choncho.

Zithunzi jambulani ngati akufuna, koma pa sitetasi ya WhatsApp musaike chilichonse chonena za mwezi wosamwa popanda chilolezo chake. Abwana ake mwina sakudziwa kuti panali vuto, apongozi mwina sakudziwa, ndipo ngati ndi mzimayi ndiye samalani kawiri chifukwa anthu kuno amamunena mzimayi womwa moipa kuposa bambo. Komanso mukalengeza kwa anthu 300 ndiye kuti tsiku limene angadzaterereke adzabisala kwa anthu 300, kuphatikizapo inuyo.

Chakudya ndi zakumwa

Adye mmawa musananyamuke ndipo asamve njala tsiku lonse. A magulu a AA, a anthu amene amathandizana kusiya mowa, amakonda kukumbutsana zinthu zinayi zimene zimatsegulira chibaba chitseko, njala, mkwiyo, kusungulumwa ndi kutopa, ndipo pa zinayizi njala ndi imene inu mungaitseke mosavuta. Ife tinanyamula mpunga ndi nkhuku mu kontena, nthochi, mtedza wokazinga, mandasi, madzi malita awiri aliyense ndi fulasiki ya tiyi wamkaka. Zotsekemera musamuletse, mwezi uno si nthawi yomuwerengera masupuni a shuga, pokhapokha ngati ali ndi matenda a shuga pamenepo tsatirani zimene adokotala anamuuza.

Mmanja mwake mukhale chakumwa nthawi zonse, Fanta, Sobo wosungunula, juwisi wa malambe, chilichonse chimene amakonda, chifukwa dzanja lomwelo linazolowera kugwira kanthu pocheza. Koma pali ziwiri zoti musamale nazo. Choyamba thobwa. Thobwa la lero kapena ladzulo lotsekemera lilibe vuto, koma likagona masiku angapo kotentha limasasa n'kuyamba kuwira, pamenepo layamba ulendo wopita ku masese, ndipo kwa munthu amene ankamwa masese kapena Chibuku kakomedwe kowawasa kaja ndi kulemera kwake pakamwa nkokwanira kudzutsa chibaba. Ngati mukufuna thobwa phikani lanu kapena mugule kwa munthu amene mukumudziwa, mulawe kaye inuyo, likakhala likuluma lilime kapena botolo likufufuma lisiyeni.

Chachiwiri ndi mowa uja amati wopanda ukali, wa mbotolo lofanana ndi mowa weniweni. Wina umakhala ndi kaukali kochepa kwambiri, wina ulibiretu, koma nkhani si imeneyo, nkhani ndi fungo, thovu, kulira kwa chitsekerero potsegula. Ena amene anasiya kalekale amamwa popanda vuto, koma pa mwezi umodzi ine sindingaubweretse pokhapokha iye atanena yekha, ndipo ngakhale atanena ndingamufunse kaye ngati anauyesapo kale. Zogundanitsa matambula ngati ku ukwati nazonso zisiyeni, palibe chimene zikuwonjezera.

Mawu oti munene ndi oti muwameze

Simukufunika sipichi. Pamwala paja titatha kudya ndinangoti aise, masiku 30 si masewera, ndaona mmene walimbikira, makamaka tsiku lija la maliro a amalume ako pamene aliyense ankamwa kuseri iwe unakhala pa moto mpaka mmawa ndi tiyi. Basi. Tchulani chinthu chimodzi chenicheni chimene munachiona ndi maso anu, chimalowa mumtima kusiyana ndi mawu akuluakulu. Kenako khalani chete, musathamangire kudzaza mpatawo. Iye anakhala kanthawi osayankha kenako anayamba kufotokoza za usiku wina wa sabata yachiwiri umene anafika mpaka pakhomo pa shabini n'kubwerera, nkhani imene anali asanauzepo munthu.

Pali mawu ena amene amatuluka ndi mtima wabwino koma amabaya. Ukanasiya kale bwenzi uli ndi nyumba. Tsopano wakhala munthu. Ulendo uno usatikhumudwitsenso. Ndinkakuuza ine. Onsewa ali ndi chiweruzo mkati, akumuuza kuti kale sanali munthu, kapena kuti akumwa kapena kusamwa chifukwa cha inu. Mawu oti chidakwa kapena mbiyang'ambe asatuluke pakamwa panu ngakhale iye atadzitchula yekha choncho. Funso loti ndiye wasiyiratu mpaka kale kale nalonso lisiyeni, mpaka kale ndi phiri lalitali kwambiri kwa munthu wa masiku 30, iye akuyenda tsiku limodzi limodzi ndipo ndi mmene ambiri amakwanitsira.

Mafunso abwino ndi ngati awa, chakuvuta kwambiri nchiyani mwezi umenewu, chakudabwitsa nchiyani, ndingachite chiyani mwezi ukubwerawu. Akayankha musakonze yankho lake. Akati ndimausowa mowa musadzidzimuke n'kuyamba ulaliki, nzoona amausowa, unali mnzake wa tsiku ndi tsiku, ndipo kuti wakuuzani ndiye kuti wakukhulupirirani. Za pemphero tsatirani iyeyo, ngati ndi wopemphera ndipo akufuna pempherani naye, koma musasandutse tsikuli msonkhano wa chitsitsimutso pamene iye sanapemphe.

Ndipo musakambe za mowa tsiku lonse. Mphindi khumi kapena makumi awiri zakwana, kwinako kambani za mpira, za mitengo ya feteleza, za atsikana amene munkawaopa ku sekondale. Akufuna kumva kuti akadali mnzanu, osati wodwala amene mwabwera kudzamuona.

Mphatso ndi nkhani ya ndalama

Mmagulu a AA, amene anayamba mu 1935 ku Akron mdziko la America, muli chizolowezi chopatsa munthu kandalama kachitsulo kapena kapulasitiki akakwanitsa masiku 30, kuti aziyenda nako mthumba n'kumakagwira zikavuta. Nzeru yake ndi yabwino ndipo simukufunika kuitanitsa kunja. Ine ndinagula kakiyiholuda kamtengo kwa osema ziboliboli n'kuwapempha alembe 30 kumbuyo, nambala yokha popanda mawu ena, kuti wina akakaona asadziwe tanthauzo lake. Mpaka pano makiyi ake ali pamenepo.

Ndalama zenizeni musampatse, kaya pamanja kaya pa Airtel Money kapena Mpamba. Sikuti simukumukhulupirira, koma ndalama yopanda ntchito mthumba madzulo a Loweruka ndi katundu wolemera kwa iye. Mukafuna kuthandiza gulani chinthu, nsapato zoyendera, jezi ya timu yake, mayunitsi a magetsi.

Chimene chinamukhudza kwambiri mnzangayu ndi masamu amene tinachita pa foni tili mminibasi, ndipo anayambitsa ndi iye. Anati tiyerekeze kuti pakati pa sabata ankawononga K4,000 patsiku, masiku asanu ndi K20,000, kuphatikiza K15,000 Loweruka ndi K10,000 Lamulungu pogula maraundi, pa sabata K45,000, pa masabata anayi K180,000. Anangoti kakasi kuyang'ana nambalayo. Apa samalani, masamu omwewa akhoza kusanduka chikwapu mukayamba kuchulukitsa ndi zaka khumi zapitazo. Awerengereni kutsogolo, mwezi uno ndalama imeneyi yapita kuti, mwezi wamawa ipite kuti. Iye anaganiza zolipira fizi ya mwana tsiku lomwelo pa foni tisanafike nkomwe ku Zomba, kuti ndalamayo isagone mu akaunti, ndipo ndinaona kuti mapewa ake anatsika atangotumiza.

Chibaba chikabwera muli limodzi

Gwirizananitu mawu achinsinsi musananyamuke. Athu anali akuti tiye tikagule mayunitsi. Akanena zimenezo palibe kufunsa kuti chavuta nchiyani pamaso pa anthu, mungonyamuka naye basi, ngakhale chakudya chili pakati. Zinachitikadi kamodzi, cha mma 2 koloko kunabwera gulu lina pafupi nafe ndi kulabokosi n'kuyamba kutsegula mabotolo, ndinangomuona mwendo ukugwedezeka, wasiya kulankhula, maso akubwerera komweko. Zizindikiro zake zimakhala zimenezo, kapena kukwiya mwadzidzidzi, kapena kuyamba kunena kuti ndikufuna ndikaonane ndi munthu wina pang'ono ndibwera.

Chibaba chimakwera, chimafika pamwamba kenako chimatsika chokha, kawirikawiri mkati mwa theka la ola ngati munthu wachoka pamene chayambira. Ndiye chokani pamalopo, yendani, mpatseni madzi kapena chotsekemera, mufunseni kuti pa 10 chili pa ngati, pakapita mphindi khumi mufunsenso. Iye anati 8, titayenda kutsika mpaka pa msewu anati 5, pofika mtauni anali akukamba zina. Musamugwire dzanja ngati wakuba ndipo musachite mantha pankhope, mukhale ngati ndi zinthu zimene mumaziyembekezera, chifukwa ndi zoonadi.

Madzulo ndi mawa lake

Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, amakonza masana okoma kenako 5 koloko aliyense bayibayi, mnzanuyo n'kutsala yekha pa depoti ndi chisangalalo mumtima, kutopa mthupi, chenji mthumba, nyimbo za mmabala zikuyamba kulira. Mperekezeni mpaka pakhomo. Ife tinafika kwawo cha mma 5, tinadya nsima ndi alamu, tinatchera bawo mpaka 9 koloko itadutsa nthawi yake yovuta ija, ndipo ndinachoka iye akuyasamula.

Mawa lake muyimbireni, osati kufunsa kuti sunamwe eti, mungofunsa kuti miyendo ili bwanji ndi phiri lija. Pambuyo pa tsiku lokoma pamabwera kakuzizira kena, tsiku la 31 lilibe omuombera mmanja, ndiye musanasiyane ikani kale kanthu kena kakang'ono pa kalendala, kaya kuthamanga Lachitatu mmawa kaya bawo Lachisanu madzulo. Lachisanu ndiye labwino kwambiri.

Nanga akakhala kuti anamwako

Zimachitika. Mwina kutatsala masiku awiri akukuuzani kuti aise ndinaterereka Lachiwiri, kapena mukumva fungo mmawa wa tsikulo. Ngati waledzera panthawiyo ulendo wa kuphiri usiyeni, onetsetsani kuti ali pabwino ndipo sakuyendetsa galimoto, mukambirane mawa mutu ukayera. Koma ngati anamwa n'kusiyanso ndipo wakuuzani yekha, musafafanize tsikulo. Pitanibe. Muuzeni kuti masiku 26 aja sanafufutike, thupi lake linapuma masiku 26, ndipo zimene waphunzira akadali nazo. Kaya ayambiranso kuwerenga pa 1 kaya apitiriza, asankhe yekha. Mufunseni modekha kuti chinachitika nchiyani ola limodzi asanamwe, anali kuti, ndi ndani, anali atadya kapena ayi, chifukwa yankho lake ndi limene likuuzani pofunika kutseka.

Pali malire a zimene mnzake angachite ndipo ndikufuna muwadziwe bwino. Akabwerera kumwa kwambiri kwa masiku angapo, makamaka kachasu kapena timabotolo totchipa taukali tija, musamuuze kuti angosiya lero lomwe yekha kunyumba. Kusiya mwadzidzidzi kwa munthu amene thupi lake lagwidwanso kukhoza kupha. Mukaona kunjenjemera kwambiri, kusokonezeka mutu, kuona kapena kumva zinthu zimene palibe, kutentha thupi kapena kugwa ngati wakhunyu, thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo, kumeneko ali ndi mankhwala othandiza kuti thupi lidutse masiku amenewo bwinobwino. Chimodzimodzi akayamba kulankhula zoti moyo watopa nawo kapena zodzipha, musamusiye yekha ndipo musasunge chinsinsi chimenecho, uzani wachibale amene iye amamukhulupirira mupite naye kuchipatala. Ku zipatala za maboma kumakhala anamwino kapena makiliniko oona za maganizo, ku Zomba kuli Zomba Mental Hospital, ndipo a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu amene akulimbana ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Mukamutchulira zimenezi nenani kuti tipite limodzi, ndikudikirira panja, ndipo tsikulo likafika mukamutenge pakhomo ndinu, transipoti yake muli mutakonza kale.